Mmene swichi imaphunzirira maadiresi a MAC: yesani nokha ndi makompyuta atatu

Swichi mukangoiyatsa kumene, kaundula wake wa maadiresi amakhala wopanda kanthu. Palibe amene amaiuza kuti kompyuta yakutiyakuti ili pa poti yakuti, ndipo iyo siyenda poti ndi poti kufunsa kuti kuno kuli ndani. Imangokhala phee kudikira. Koma pakapita masekondi ochepa mupeza kuti ikudziwa kale komwe kuli makina onse amene alankhulapo. Imachita zimenezi ndi chizolowezi chimodzi chokha: felemu iliyonse, kutanthauza kaphukusi ka uthenga kodutsa pa kebulo, ikalowa, imayang'ana adiresi ya wotumiza kuti iphunzire, kenako imayang'ana adiresi ya wolandira kuti isankhe kotulutsira. Ntchito ziwirizi n'zosiyana, ndipo anthu ambiri amasokonezeka chifukwa chozisakaniza. Makina amene sanatumizepo kanthu, swichi siwadziwa, ngakhale kebulo yawo italumikizidwa bwinobwino nyali n'kumayaka.

M'munsimu tiziona zimenezi ndi maso athu. Mufunika swichi yomwe mungalowemo n'kulembamo malamulo, makompyuta atatu, makebulo, ndi pulogalamu ya Wireshark, yoonetsa mafelemu ofika pa kompyuta, pa kompyuta imodzi. Malamulo ndalembawa ndi a maswichi a Cisco oyendera IOS. Maswichi a makampani ena ali ndi malamulo awoawo koma kaganizidwe kake n'kamodzimodzi.

Poyamba, dziwani zomwe swichi imawerenga

Adiresi ya MAC, nambala yozindikiritsa khadi ya netiweki, ili ndi mabayiti 6, kutanthauza mabiti 48, ndipo imalembedwa ndi zilembo ndi manambala 12. Windows imailemba ndi timizere, Linux ndi timadontho tiwiritiwiri, pomwe Cisco imaidula patatu, chonchi: `0200.0000.000a`. Adiresi ndi yomweyo, kalembedwe kokha ndiye kosiyana. Nthawi zambiri mabayiti atatu oyambirira amasonyeza kampani yomwe inapanga khadi ya netiweki, ndipo bungwe la IEEE ndi lomwe limagawa manambala amenewa.

Kumutu kwa felemu kumayamba adiresi ya wolandira, n'kubwera ya wotumiza, kenako mabayiti awiri onena mtundu wa katundu ali m'katimo. Kumchira kuli mabayiti 4 otsimikizira kuti felemuyo sinawonongeke m'njira. Maswichi ambiri amayamba alandira felemu yonse n'kuwerengetsera mabayiti akumchirawo, ndipo akapeza kuti sizikugwirizana amaitaya mwakachetechete. Katundu wa m'katiyo, kuphatikizapo adiresi ya IP, swichi wamba ilibe naye ntchito posankha njira. Komanso sisintha adiresi iliyonse: felemu imatuluka ndi maadiresi omwewo amene inalowa nawo.

Lumikizani kompyuta A pa poti `Gi0/1`, B pa `Gi0/2`, C pa `Gi0/3`. Apatseni maadiresi a IP pamanja: `192.168.10.1`, `192.168.10.2` ndi `192.168.10.3`, onse ndi `255.255.255.0`. Lembani papepala adiresi ya MAC ya kompyuta iliyonse. Pa Windows muipeza ndi `getmac` kapena `ipconfig /all`, pa Linux ndi `ip link`. Musamale apa, chifukwa laputopu imakhala ndi maadiresi angapo, ndipo ife tikufuna ya khadi ya kebulo osati ya Wi-Fi. Ndi bwino kungozimitsiratu Wi-Fi pa makompyuta onse atatu. M'zitsanzo zangazi ndagwiritsa ntchito maadiresi ongopeka osavuta kuwerenga: A ithera ndi `000a`, B ndi `000b`, C ndi `000c`.

Mukalumikiza kebulo, musafulumire kunena kuti yafa. Pa maswichi ambiri a Cisco nyali ya poti imayamba yaoneka yachikasu kwa masekondi pafupifupi 30 isanasanduke yobiriwira. Nthawi imeneyi swichi imakhala ikutsimikiza kuti poti yatsopanoyo sikubweretsa njira yozungulira. Nkhani ya njira yozungulira tiifika kutsogoloku.

Gawo 1: Fufutani kaundula

Lowani mu swichi, mulembe `enable`, kenako malamulo awa:

```
clear mac address-table dynamic
show mac address-table dynamic
```

Loyamba likufufuta zonse zomwe swichi inaphunzira yokha, lachiwiri likuonetsa zomwe zatsala. Pa kompyuta A ndi B fufutaninso zomwe zikukumbukira za anzawo. Pa Windows lamulo lake ndi `arp -d *` ndipo limafuna kuti mutsegule zenera la malamulo ngati woyang'anira, pa Linux ndi `sudo ip neigh flush all`.

Musadabwe mukapeza kuti maadiresi abwereranso musanapume n'komwe. Makompyuta amakono ndi olongolola, amangotumiza timauthenga tofufuza anzawo popanda wowatuma, ndipo kauthenga kamodzi n'kokwanira kuti swichi iphunzire. Zikatero bwerezani kufufutako kangapo mpaka mupeze mpata wabata. Kulongolola kumeneku n'chifukwa chake pa netiweki yeniyeni simuona kawirikawiri kaundula wopanda kanthu.

Pa kompyuta C tsegulani Wireshark, musankhe khadi ya kebulo, muonetsetse kuti `promiscuous mode` ndi yochongedwa, ndipo pamalo osefera mulembe `arp or icmp`. C ndiye mboni yathu. Sichita nawo zokambiranazo, ingotiuza zomwe zikufika pakhomo pake.

Gawo 2: Tumizani `ping` yoyamba, muitsate felemu ndi felemu

Pa A lembani `ping 192.168.10.2`. Zomwe zichitike zitenga nthawi yosakwana kuphethira kwa diso, ndiye tiyeni tizichedwetse.

A ikudziwa adiresi ya IP ya B koma sikudziwa MAC yake, choncho iyamba yafunsa kudzera mu ARP kuti mwini `192.168.10.2` ndani. Funsoli ilikulunga mu felemu yomwe wotumiza wake ndi `0200.0000.000a`, wolandira ndi `ffff.ffff.ffff`. Adiresi ya ma f okhaokha imeneyi ndi yolengezera onse, palibe makina amene ali mwini wake.

Felemu ija yalowa pa `Gi0/1`. Swichi iyang'ana kaye wotumiza, iona kuti `000a` mulibe m'kaundula, n'kulemba mzere watsopano: adiresi iyi, poti iyi, VLAN iyi, kutanthauza chigawo cha netiweki chomwe potiyo ilimo, ndi nthawi yomwe yaimva. Ikatero itembenukira kwa wolandira. Popeza ndi chilengezo, palibe chofufuza m'kaundula. Ikopera felemuyo ku mapoti onse oyaka kupatula omwe yalowera. B ilandira, C ilandiranso. Mu Wireshark pa C muona mzere wonena kuti `Who has 192.168.10.2? Tell 192.168.10.1`. C iwerenga funsolo, iona kuti si lake, n'kungokhala chete.

Taonani kuti mpaka pano swichi yaphunzira A yokha. B yalandira felemu, inde, koma kulandira sikuiphunzitsa swichi kanthu.

Tsopano B iyankha. Yankho lake si chilengezo, likulunjika kwa A yekha: wotumiza `000b`, wolandira `000a`. Lalowa pa `Gi0/2`, ndipo swichi ilemba kuti `000b` ili pa `Gi0/2`. Ikayang'ana wolandira ipeza kuti `000a` ilimo kale m'kaundula, pa `Gi0/1`. Ituluitsa felemuyo pa poti imeneyo basi. C siiona. Mafelemu onse a `ping` otsatira, opita ndi obwera, ayenda pakati pa `Gi0/1` ndi `Gi0/2` ngati kuti C kulibe. Onaninso kaundula:

```
Vlan    Mac Address       Type        Ports
----    -----------       --------    -----
   1    0200.0000.000a    DYNAMIC     Gi0/1
   1    0200.0000.000b    DYNAMIC     Gi0/2
```

Mawu akuti `DYNAMIC` akutanthauza kuti swichi yaphunzira yokha. Mzere umene munthu walemba pamanja umaoneka kuti `STATIC`. Ngati C yakhaladi chete nthawi yonseyi, simuiona m'kaundulamo, chonsecho yalumikizidwa ndipo ikugwira ntchito.

Ngati `ping` ikulephera koma kaundula ali ndi mizere iwiri yonseyo, swichi ilibe mlandu. Kawirikawiri chimakhala chitetezo cha Windows pa B chomwe chikukana kuyankha `ping`. ARP imayankhidwabe, n'chifukwa chake swichi yaiphunzira B. Lolani `ping` pa B, kapena B ikhale kompyuta ya Linux.

Chinthu china chaching'ono choti mudziwe: swichi imazindikira felemu ya gulu poyang'ana bayiti yoyamba ya wolandira. Bayiti imeneyi ikakhala nambala yosagawika pawiri, monga `01`, `33` kapena `ff`, felemuyo ndi ya gulu kapena ya onse. Ikakhala yogawika pawiri, monga `00` kapena `02`, ndi ya makina amodzi. Adiresi ya gulu siyenera kuoneka pamalo a wotumiza, choncho swichi siiphunzira mwa njira taonayi.

Gawo 3: Onani zomwe swichi imachita ndi wolandira wosadziwika

Apa ndi pamene pali phunziro lenileni, ndipo anthu ambiri sanapaonepo ndi maso. Pa A yambitsani `ping` yosalekeza: pa Windows `ping -t 192.168.10.2`, pa Linux `ping` imapitirira yokha. Isiyeni iziyenda. Wireshark pa C ikhala duu, osaonetsa chilichonse cha `ping` imeneyi. Ndiye pitani pa swichi mulembe `clear mac address-table dynamic`, koma ulendo uno osakhudza ARP ya makompyuta.

Yang'anani pa C. Muona mzere umodzi wokha wa `Echo (ping) request`, wochokera kwa A kupita kwa B, kenako bata. Chachitika n'chakuti A ikukumbukirabe MAC ya B, ndiye sinafunsenso, yangotumiza felemu yolunjika kwa `000b`. Swichi yaphunziranso A, koma itafufuza `000b` yapeza mulibe. Siitaya felemuyo, siisunga kuti ikafunse kaye, ndipo siibweza kwa wotumiza. Imaimwaza ku mapoti onse a VLAN imeneyo kupatula omwe yalowera, ndendende ngati chilengezo, n'chiyembekezo choti mwini wake ali kwinakwake ndipo ayankha. B yayankhadi, swichi yaiphunzira kuchokera m'yankholo, ndipo felemu yachiwiri yayenda kale njira yolunjika. N'chifukwa chake C yaona umodzi wokha. Nthawi zina simuona ngakhale umodziwo, ngati B inangotumiza kauthenga kake kena m'kamphindi kamene kanali pakati pa kufufutako ndi `ping` yotsatira. Bwerezani kufufuta kanayi kapena kasanu, muugwira.

Kusiyana kwa felemu yomwazidwayi ndi chilengezo chenicheni kuli kwa olandira. Chilengezo makina onse amachitsegula n'kuchiwerenga. Felemu yomwazidwa ili ndi dzina la mwini wake, choncho khadi ya C ikanaitaya isanafike n'komwe ku mapulogalamu. Taiona chifukwa choti Wireshark yauza khadiyo kuti ilowetse chilichonse chofika. Apa mwaonanso chifukwa chake si nzeru kudalira swichi ngati chobisira zinsinsi. Imalunjikitsa mafelemu pofuna kuchepetsa phokoso, koma ikaiwala imamwaza popanda manyazi.

Gawo 4: Isiyeni iiwale

Imitsani `ping` ija, mulembe `show mac address-table aging-time`. Muona 300. Amenewa ndi masekondi, kutanthauza mphindi 5, ndipo ndi nthawi yomwe maswichi ambiri amabwera nayo. Mzere uliwonse wa `DYNAMIC` uli ndi wotchi yake. Felemu ikalowa yochokera ku adiresi imeneyo, wotchiyo imayambiranso. Pakatha masekondi 300 adiresiyo isanamveke, mzere umafufutidwa. Ndibwereze chifukwa tizifunanso kutsogoloku: chomwe chimabwezeretsa wotchi ndi felemu yochokera ku adiresiyo. Mafelemu opita kwa iyo, ngakhale atachuluka bwanji, sathandiza.

Kuti muone kuiwalako pamafunika makina osalongolola, zomwe ndi zovuta ndi laputopu. Pulinta yomwe yagona imachita bwino pa ntchito imeneyi. Koma pali njira ina yofufutira yomwe mungaione pompano. Zulani kebulo ya B pa `Gi0/2` muilowetse pa `Gi0/5`. Poti ikangozima, swichi imafufuta nthawi yomweyo maadiresi onse amene inaphunzira pa poti imeneyo, osadikira mphindi 5. B ikangolankhula pa `Gi0/5`, mzere watsopano ulembedwa. Ndipo ngakhale mzere wakale ukanakhalapo, swichi imakhulupirira zomwe yamva komaliza: adiresi yodziwika ikamveka pa poti ina, kaundula amasinthidwa pomwepo popanda kufunsa mafunso.

Gawo 5: Onjezani swichi yachiwiri

Tengani kaswichi kakang'ono kopanda malamulo, mukalumikize pa `Gi0/8` ndi kebulo imodzi yokha, ndipo musamutsire B ndi C kumeneko. Tumizani `ping` kuchokera kwa A kupita kwa onse awiri, kenako mulembe `show mac address-table interface Gi0/8`. Mupeza maadiresi awiri pa poti imodzi. Palibe cholakwika. Kaundula sanena kuti makinawa alumikizidwa pa poti iyi, amangonena kuti kuti ufike kwa makinawa tulukira pa poti iyi. Adiresi imodzi imakhala ndi poti imodzi mu VLAN, koma poti imodzi ikhoza kukhala ndi maadiresi mazanamazana. Kaswichi kakang'onoko nakonso kali ndi kaundula wake, ndipo kakuona A pa poti yolowera kebulo yochokera ku swichi yaikulu. Maswichi awiriwa sauzana zomwe ali nazo m'kaundula. Iliyonse imaphunzira payokha kuchokera ku mafelemu odutsa.

Apa m'pamene chisankho china chimaonekera, chomwe ndi kutaya. Tinene kuti kaswichi kakang'ono kaiwala C, ndipo B yatumiza felemu kwa C. Kamwaza, ndipo kope imodzi yakwera kebulo kufika pa `Gi0/8`. Swichi yaikulu ifufuza `000c` n'kupeza kuti ili pa `Gi0/8` pomwepo, pomwe felemuyo yalowera. Kuibweza kungachititse kuti C ilandire kawiri, choncho imangoitaya. Felemu sibwerera pa poti yomwe yalowera.

Palinso msampha wina umene swichi yachiwiriyi imabweretsa. Kufufuta kwamsanga kuja kumachitika pa swichi yokhayo imene poti yake yazima. Tiyerekeze kuti muli ndi maswichi atatu, yaikulu pakati, ina kumanzere, ina kumanja, ndipo mwasamutsa pulinta kuchoka kumanzere kupita kumanja. Kwa swichi yapakati palibe poti yazima, ndiye ipitiriza kutumiza mafelemu a pulintayo kumanzere, komwe kulibenso mwini wake. Zikhala choncho mpaka pulintayo itumize felemu yodutsa pa swichi yapakati, kapena mpaka masekondi 300 athe. Makina ambiri amadzilengeza okha kebulo ikangolowa, choncho vutoli silioneka. Koma mukakumana ndi chipangizo chomwe mwachisamutsa, chakana kwa mphindi zingapo kenako n'kuyamba chokha popanda wochikhudza, ganizirani za mzere wakalewo. Kuchizimitsa n'kuchiyatsanso kumathandiza chifukwa chimalankhula poyaka, kapena mungafufute mzere wokhawo ndi `clear mac address-table dynamic address` motsatiridwa ndi adiresiyo.

Za VLAN ndingonena mwachidule. Swichi imafufuza adiresi pamodzi ndi nambala ya VLAN, ndipo kumwaza kulikonse kumathera m'malire a VLAN yomwe felemu yalowera. Mukaika C mu VLAN 20 pomwe A ndi B ali mu VLAN 1, C siionanso ngakhale funso la ARP lija. Nanga felemu yopita kunja, pa intaneti? Kompyuta imailembera MAC ya rauta ngati wolandira, ndipo swichi imangoipereka kwa rautayo monga ikanachitira ndi makina ena alionse. Maadiresi a MAC a makina a kutsidya kwa rauta simudzawaona m'kaundula.

Pamene kumwaza sikukutha: seva yosayankha

Mu gawo 3 kumwaza kunatha ndi felemu imodzi chifukwa B inayankha. Nanga wolandira akakhala wosayankha? Ndinakumanapo nazo pa netiweki ina komwe nyali za mapoti onse zinkaphethira limodzi ngati zapangana, ngakhale pa makompyuta amene panalibe munthu. Nditatsegula Wireshark pa laputopu yanga ndinaona mafelemu ambirimbiri osakhala anga, osakhalanso chilengezo, onse akupita ku adiresi imodzi. Nditaifufuza adiresiyo ndi `show mac address-table address`, swichi sinaonetse mzere uliwonse.

Inali seva yosonkhanitsa malipoti a zipangizo zina kudzera pa UDP, njira yotumizira uthenga yosafuna yankho. Ntchito yake inali kungolandira, osayankha. Rauta ya Cisco imasunga zomwe yaphunzira mu ARP kwa maola 4 ngati simunasinthe, pomwe swichi imaiwala pa mphindi 5. Ndiye taonani mmene zinkayendera. Rauta ikafunsa ARP, seva inkayankha kamodzi, swichi n'kuiphunzira. Pakatha mphindi 5 seva isanalankhulenso, swichi inkaiwala. Koma rauta inali ikuikumbukirabe, choncho inkapitiriza kutumiza popanda kufunsanso, ndipo felemu iliyonse inkamwazidwa ku VLAN yonse mpaka seva itapezanso chifukwa cholankhulira. Chodabwitsa n'chakuti malipoti onse ankafika bwinobwino, n'chifukwa chake panalibe wodandaula za sevayo. Odandaula anali ena, amene makina awo ankachedwa.

Mankhwala ake ndi kuyandikizitsa mawotchi awiriwo. Mungatalikitse kukumbukira kwa swichi kuti kufanane ndi kwa rauta, kapena kufupikitsa nthawi ya ARP pa rauta kuti izifunsa swichi isanaiwale, kapenanso kulemba mzere wokhazikika:

```
configure terminal
mac address-table aging-time 14400
mac address-table static 0200.0000.000b vlan 1 interface Gi0/2
```

Sankhani chimodzi, osati zonse. Ine mzere wokhazikika sindiukonda kwenikweni, chifukwa tsiku lomwe wina adzasamutse kebulo ya sevayo, swichi idzaumirirabe pa poti yakale, ndipo amene analemba mzerewo adzakhala ataiwala kalekale. Kufananitsa nthawi kumasiya swichi ikuphunzirabe yokha.

Pamene adiresi ikudumphadumpha

Tanena kuti swichi imakhulupirira zomwe yamva komaliza. Khalidwe limeneli ndi lomwe limaigwetsa pakakhala njira yozungulira. Wina akalumikiza makebulo awiri pakati pa maswichi awiri, ndipo palibe chotseka imodzi mwa njirazo, chilengezo cha A chimatuluka pa kebulo yoyamba n'kubwerera pa yachiwiri. Swichi ikuona felemu yochokera kwa `000a` ikulowera pa `Gi0/8`, ndiye ikusintha kaundula kuti A yasamukira kumeneko. A weniweni akalankhulanso, mzere ubwerera pa `Gi0/1`. Kenako kope ina yafika, wasinthanso. Pa sikirini mumaona uthenga wotere:

```
%SW_MATM-4-MACFLAP_NOTIF: Host 0200.0000.000a in vlan 1 is flapping between port Gi0/1 and port Gi0/8
```

Choipitsitsa n'chakuti felemu ilibe chowerengera maulendo ngati chomwe paketi ya IP ili nacho, choncho chilengezo cholowa m'njira yozungulira chimangozungulirabe, ndipo zatsopano zikuonjezekera pamwamba, mpaka netiweki yonse itaima. Njira ya STP, yomwe Radia Perlman anaipanga m'zaka za m'ma 1980 ndipo inadzalowa mu muyezo wa IEEE 802.1D, ntchito yake ndi kutseka poti imodzi kuti pakati pa malo awiri alionse patsale njira imodzi. Masekondi 30 a nyali yachikasu aja ndi a STP yakaleyo: 15 omvetsera, ndi 15 ophunzira maadiresi isanayambe kudutsitsa mafelemu. Njira yozungulira imavuta pomwe STP yazimitsidwa, kapena pomwe chipangizo china chapakati chikumeza mauthenga ake. Musayeserere zimenezi pa netiweki yomwe anthu akugwiritsa ntchito.

Powerenga uthengawo, funsani kuti ndi maadiresi angati akudumpha komanso kangati. Akakhala ambiri, akudumpha mosalekeza, ndipo poti imodzi ikutchulidwa m'mauthenga onse, imeneyo ndi njira yozungulira, ndipo poti yotchulidwatchulidwayo ndi yoyamba kuizimitsa ndi `shutdown`. Ikakhala adiresi imodzi yokha pakati pa mapoti awiri omwewo, ganizirani makina awiri okhala ndi MAC yofanana, zomwe zimachitika munthu akakopera kompyuta yoyendera m'kati mwa inzake osasintha adiresi, kapena seva ya makebulo awiri yomwe swichi sinauzidwe kuti ndi mtolo umodzi. Ikakhala foni kapena laputopu yomwe ikudumpha mwa apo ndi apo pakati pa mapoti a zida za Wi-Fi, ameneyo ndi munthu chabe akuyenda m'nyumba, musiyeni.

Pamene kaundula wadzaza

Kaundula ali ndi malire. Maswichi ang'onoang'ono ambiri amasunga maadiresi pafupifupi 8,000, akuluakulu amaposa pamenepo kutali. Lamulo la `show mac address-table count` likuuzani kuchuluka kwa omwe alimo ndi malo otsala. Pa netiweki wamba simungawadzaze, koma popeza swichi imalemba wotumiza aliyense popanda kutsimikiza, kompyuta imodzi yotumiza mafelemu a maadiresi abodza ikhoza kudzaza kaundula m'kanthawi kochepa. Zikatero maswichi ambiri amalephera kuphunzira maadiresi atsopano, ndipo mafelemu opita kwa makina osalembedwawo amamwazidwa ngati mu gawo 3, koma mosalekeza.

Chizindikiro chake ndi poti yomwe mukudziwa kuti pali kompyuta imodzi, koma `show mac address-table interface` ikutulutsa mizere yosatha. Potchinga, pa mapoti a makina a anthu ikani malire:

```
configure terminal
interface Gi0/1
 switchport mode access
 switchport port-security
 switchport port-security maximum 2
 switchport port-security violation restrict
```

Mukapanda kulemba mzere womalizawo, swichi imazimitsa poti yonse adiresi yachitatu ikangomveka, chifukwa `shutdown` ndiye chilango chomwe imabwera nacho. Ndi `restrict`, imataya mafelemu a adiresi yoonjezerayo n'kulemba lipoti, poti n'kupitiriza kugwira ntchito kwa awiri oyambawo. Malamulowa musawaike pa poti ngati `Gi0/8` yopita ku swichi ina, chifukwa kumeneko maadiresi ambiri ndi oyenera, ndipo malire a awiri angadule makina ena onse a kuseri kwake.